Mota ya chigayo ikapsa: tilowe segulo kapena tizisunga tokha?

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Abale mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi nkhani ndikufuna maganizo anu makamaka inu odziwa za mapepala. Kwabwera mnyamata wa kampani ina ya segulo, inshuwalansi ija, kuchokera ku Tete, akuzungulira ife a zigayo kuno ndi ku Ulongwe. Changa ndi chamagetsi, mota ya 30 HP, nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Wawerengera nyumba ndi mashini pamodzi 650,000 MT, akuti ya moto yokha ndizilipira 4,500 pachaka, ndikafuna kuti ikhudzenso kuwonongeka kwa mashini ndiwonjezere 9,000. Chaka chatha mota inandipsera mu Ogasiti nthawi imene anthu amagayitsa kwambiri, kukakulungitsanso mawaya ku Tete kunadya 38,000 osawerengera galimoto yonyamula, ndipo ndinakhala chitsekere pafupifupi masabata atatu. Ndiye ndilipire 13,500 yonseyo kapena ndizingosunga ndekha?

Jasinto: Lipirani yonse achimwene musachedwe. 13,500 ndi chani poyerekeza ndi 38,000? Ine shapa yanga yonyamula anthu ija ili ndi segulo, chilichonse chingachitike ndi iwowo amalipira, ndimagona tulo tabwino

Nelito wa ku Zobwe: Kkkk aJasinto yanuyo si ija yokakamiza yoonetsa apolisi pamsewu? Imene ija imalipira munthu amene mwamugunda, shapa yanu ikaphwanyika mukonza nokha

Jasinto: Ayi ine anandiuza kuti ndi zonse

Nelito wa ku Zobwe: Mukawerenge pepalalo madzulo ano mudzatiuze

Madala Phiri, Tsangano: Ana inu ndalama zanu mukuzitaya. Ine zaka zonsezi segulo yanga ili m'khola. Vuto likagwa ndimagwira mbuzi ziwiri kupita nazo kumsika basi zatha, ndipo mbuzi imaswa pamene pepala la kampani siliswa.

Nachisale, Mowatize: Bambo Ngozo ndinagwirapo ntchito ya mapepala ngati amenewa pa kampani ya mathiraki, ndiye ndiyankha pang'onopang'ono chifukwa ndili kuntchito. Koma musanayankhidwe ndi aliyense pali nambala imodzi imene simunatiuze, mwina mnyamatayonso sanaitchule. Mufunseni frankiya ya gawo la mashinilo ndi zingati. Pa vuto lililonse pamakhala ndalama yoyamba imene mumalipira nokha, kampani imayambira pamwamba pake. Popanda nambala imeneyo palibe angakuuzeni kuti 9,000 ndi yotchipa kapena yodula.

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Mayi ndamuyimbira pompano. Akuti frankiya ndi 10 peresenti ya zowonongeka koma siitsika pansi pa 15,000. Ya moto akuti 10,000

Nachisale, Mowatize: Eya, ndiye tiyeni titenge vuto lanu la chaka chatha lomwelo. Mota inadya 38,000. Mukanakhala ndi segulo ya mashini, ndipo iwo n'kuvomera kuti kupsa kumeneko kuli mkati mwa pangano, akanachotsa 15,000 n'kukupatsani 23,000. Galimoto yonyamula mota mwina akanawerengera mwina ayi, zimatengera mmene alembera. Masabata atatu amene munatseka aja sakanakupatsani kalikonse, chifukwa ndalama imene munthu waluza posagwira ntchito ndi gawo lina lolipira palokha.

Tsono muone. Mukulipira 9,000 chaka chilichonse kuti tsiku lina mudzalandire 23,000. Zaka zitatu mwalipira 27,000. Ngati mota yanu siipsa kawirikawiri kuposa kamodzi pa zaka zitatu, ndalama imeneyo ikanakhala bwino m'manja mwanu.

Koma mbali ya moto ndi nkhani ina. Chigayo chikapsa chonse, denga kugwa, mota kusungunuka, 650,000 simungaisunge ngakhale mutadya ndiwo zopanda mafuta zaka zisanu. Pamenepo 4,500 pachaka ine sindingaganize kawiri, ndi 375 pamwezi imeneyo. Maganizo anga ndi akuti vuto limene mungalikwanitse ndi ndalama yosunga chaka chimodzi musungire nokha, limene lingakugwetseni osadzukanso ndi limene mupereke kwa kampani.

Mesitiri Fole: Ndilowepo apa poti mota zakupsa ndimaziona sabata ndi sabata. AchiNgozo, mota yanu itatsegulidwa mawaya anapsa onse mofanana kapena mbali zina zinada zina zili zoyera?

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Mbali zina zinada bii zina zinali bwinobwino ngati zatsopano. Mnyamata wanga akuti inayamba kulira mwachilendo, kung'ung'udza, mphamvu kuchepa, iye n'kumangothirabe chimanga mpaka anamva fungo la vanishi

Mesitiri Fole: Imeneyo ndi fazi inachoka. Mota yanu imadya mawaya atatu, limodzi likazima kaya fyuzi yapsa kaya waya wamasuka penapake, mota siima ayi imapitiriza kuzungulira ndi awiri otsalawo koma ikukoka moto wambiri, mphindi zochepa mawaya apsa. Zikada zonse mofanana ndiye kuti ndi katundu wochuluka kapena kutentha, mwina gaga wadzaza m'mizere ya kunja kwa mota ija mpweya sukudutsa. Pali kachipangizo koteteza fazi kamene timamanga m'bokosi la sitata, fazi imodzi ikangochoka kamazimitsa mota nthawi yomweyo, mtengo wake sufika ngakhale theka la 9,000 imene mukukambayo ndipo mumagula kamodzi. Chinanso chimene ndimapeza m'zigayo zambiri ndi chakuti kachipangizo kozimitsa mota ikatentha kaja anyamata amakalumphitsa ndi waya chifukwa akuti kamasokoneza ntchito pa mzere wautali. Kakazimitsa ndiye kuti kakukuuzani chinachake. Mukatsegule bokosi lanu muone ngati mulibe kawaya kachilendo

Nachisale, Mowatize: Zimene anena mesitirizi zikukhudzanso segulo. Mota ikapsa kampani imatumiza munthu wawo kudzaona, ndipo amadziwa kuwerenga mawaya ngati mmene achitira aFole. Akapeza kuti chitetezo chinalumphitsidwa angathe kukana kulipira kuti ndi kusasamala kwanu. Komanso musamve mawu akuti kupsa n'kuganiza kuti segulo ya moto ilipira mota. Mota yopsa mkati chifukwa cha magetsi, popanda lawi limene latuluka n'kugwira zinthu zina, kawirikawiri siiwerengedwa ngati moto. Ngozi za magetsi zimakhala mzere wawo wapadera, funsani ngati uli mkati mwa 9,000 ija kapena nawonso ndi wowonjezera.

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Pepani ndalowa mochedwa. Segulo imeneyi ndi ija amati ukamwalira amagula bokosi ndi kunyamula maliro? Ine ndikuifuna chifukwa malume anga atamwalira ku Beira kubweretsa thupi kunatisaukitsa zedi

Nelito wa ku Zobwe: Ayi amayi imeneyo ndi ya maliro, pano tikukamba ya chigayo

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Ooo chabwino. Koma nanenso makina anga osokera akafa ndiye kuti ana sadya, moti nkhaniyi ndi yanga yomwe. Ine ndili mu shitiki, chipeleganyu chija, ya 1,000 pa sabata ndi anzanga, tonse tilipo khumi, ndimati ndiko kusunga kwanga

Nachisale, Mowatize: Shitiki ndi yabwino amayi pogulira chinthu chimene mwakonzekera, nsalu za yunifolomu kapena makina achiwiri. Koma imabwera tsiku la mzere wanu, osati tsiku limene makina afa. Mukalandira sabata ino makina n'kufa sabata yamawa, mudikira masabata asanu ndi anayi uku mukusonkhabe. Inu segulo ya makina sikukuyenerani n'komwe, frankiya yokha ingapose mtengo wokonzera. Pa 10,000 imene mumalandira ija muzipatula 1,500 kapena 2,000 muike pena posakhudza, maulendo atatu mwakwanitsa.

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Pena pake pati mayi, poti pa foni ndalama siikhala. Ukangoona pa M-Pesa pali kenakake mwana akuti megabayiti, mlamu akuti ndibwereke mawa ndibweza

Jasinto: Ikani ku popansa, kuli maloko atatu palibe angatsegule yekha kkk

Nelito wa ku Zobwe: Popansa vuto lake ndi lomwelo la shitiki. Ndalama zanu mumaziona tsiku logawana kumapeto kwa chaka. Pakati apa ukafuna umachita kubwereka ndi chiwongola dzanja, kwathu ndi 10 peresenti pamwezi, ndipo ngati anzako abwereka kale m'bokosi mumakhala mulibe kanthu. Kathumba ka mavuto kaja ndi ka maliro ndi matenda, kangakupatse 500 kapena 1,000, mota ya 38,000 sikangaione n'komwe

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Zimenezo ndi zoona aNelito, ine chaka chatha ku popansa ya mayi a kunyumba tinapezako 8,000 yokha. Yotsala ndinagulitsa nkhumba zitatu ndi kutenga katapila. Amene anagula nkhumba anadziwa kuti ndapanikizika, mtengo anatchula yekha

Madala Phiri, Tsangano: Koma mwaona nkhumba zinakupulumutsani. Ndi zimene ndikunenazo

Nelito wa ku Zobwe: Madala ndi ulemu wonse, chigodola chikalowa m'mudzi nkhumba zimatha khola lonse sabata imodzi ndipo nthawi imeneyo saloleza n'kugulitsa komwe. Mbuzinso akuba amatenga usiku umodzi

Madala Phiri, Tsangano: Nanga ndalama sabedwa? Mwana wa mchemwali wanga anamuyimbira foni anthu akuti ndife a kampani tipatseni PIN tikonze nambala yanu, zonse zinapita. Mbuzi yanga sinapatsepo munthu PIN

Jasinto: Kkkkk madala mwawina

Nachisale, Mowatize: Madala sakulakwa kwenikweni. Ziweto ndi chuma ndipo zimaswa, ine sindinganene kuti munthu agulitse khola aike ku banki. Kungoti ndalama yadzidzidzi ili ndi ntchito yake, iyenera kupezeka lero lomwe ndiponso pa mtengo wake wonse. Mbuzi yogulitsa mothamanga imataya mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye zikhale ziwiri, ndalama yogwirika yoyambira nayo, ziweto zikhale kumbuyo zogulitsa modekha pa tsiku la msika.

Bambo Ngozo tiyeni tiwerenge kuti mukufunika zingati. Patsiku mumagaya malata angati, lata ndi zingati, ndipo chigayo chikaima ndi ndalama ziti zimene zimatulukabe?

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Nthawi yabwino kuyambira Meyi mpaka Novembala malata 80 patsiku, lata 30 MT. Januwale ndi Febuluwale tikafika 35 ndiye kuti Mulungu wakomera mtima. Anyamata awiri 3,000 aliyense pamwezi, mlonda 2,500, pakhomo timadya ngati 9,000 pamwezi kuchokera pa chigayo chomwechi

Nachisale, Mowatize: Ndiye mwezi umodzi chigayo chili chotseka mukufunika 6,000 ya anyamata ngati simukufuna kuti athawire kwa mnzanu, 2,500 ya mlonda chifukwa mashini oima ndi amene amabedwa, ndi 9,000 ya pakhomo. Ndi 17,500 imeneyo. Kukonza mota 38,000, galimoto kupita ndi kubwera komanso inuyo kugona ku Tete tiike 5,000. Zonse 60,500. Nambala yanu ndi imeneyo, tingoti 60,000.

Kasungidwe kake ine ndingakonde kuti musamati ndizisunga zakuti pamwezi, chifukwa mwezi wa njala mudzalephera kenako mudzasiya. Muziwerengera pa lata. Lata lililonse 3 MT si yanu, ndi ya mota. Tsiku la malata 80 ndi 240, mukagwira masiku 26 ndi 6,240 pamwezi. Miyezi isanu ndi iwiri yabwino ija yokha ikupatsani 43,680. Miyezi yovuta ija muzipeza mwina 2,700 pamwezi, ndiye chaka chikamatha muli pafupi kwambiri. Mukaikamo ndi 9,000 imene mukanapereka ku kampani mwadutsa.

Mesitiri Fole: Koma malamba, mahamala, sefa ndi mabelingi musatenge m'thumba limenelo achimwene. Zimenezo zimatha mwezi ndi mwezi, ndi ndalama ya ntchito ngati magetsi. Mukayamba kutapamo kugulira sefa tsiku la mota mudzapeza 7,000

Nachisale, Mowatize: Ndipo zimenezo ngakhale segulo ya mashini siilipira. Chilichonse chotha ndi kugwira ntchito amachichotsa. Imalipira chodzidzimutsa, monga chitsulo chalowa ndi chimanga n'kuphwanya mkati kapena shafiti yathyoka mwadzidzidzi.

Kondwani wa zigayo ziwiri, Furankungo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa sindikugwirizana nanu kwathunthu mayi. Masamu anu akuyenda ngati mota idikira kuti bambowa amalize kusunga. Nanga ikapsa mwezi wachitatu ali ndi 18,000? Komanso mota imene yakulungidwa kale siikhala ngati yatsopano, ikapsanso kachiwiri kachitatu mesitiri amakuuza kuti chitsulo chamkati chatha gulani ina, ndipo mota yatsopano ya 30 HP si nkhani ya 38,000, ine ndinagula pamwamba pa 100,000. Pamenepo frankiya ya 15,000 ndi yochepa. Ine ndikanati chaka choyamba alipire zonse ziwiri uku akusunga, thumba likadzaza asiye ya mashini.

Nachisale, Mowatize: Mfundo imeneyo ndi yamphamvu bambo Kondwani, sindingaikane. Chaka choyamba ndiye choopsa. Kungoti pa mota yoti yafa osakonzeka musayembekeze mtengo wa yatsopano. Kawirikawiri amawerengera zaka zimene yagwira ntchito n'kutsitsa mtengo, mota ya zaka khumi yokulungidwapo kale angaiyese theka kapena kucheperapo. Ndiye afunse mnyamatayo kuti mota ikafa yonse mulipira mtengo wa yatsopano kapena wa yakale, ndipo yankho alione lolembedwa, la pakamwa silithandiza.

Kondwani wa zigayo ziwiri, Furankungo: Ngakhale theka ndi ndalama mayi

Mesitiri Fole: Ine ndikuti 9,000 imeneyo mugule choteteza fazi, mumangitse bwino mawaya, mnyamata azipukuta gaga pa mota madzulo alionse ndipo muuzeni kuti ikasintha kulira azimitse osadikira fungo. Zitatu mwa zinayi zimene zimabwera pa benchi yanga zikanapulumuka ndi zimenezi

Jasinto: Aliyense akukokera kwake, mesitiri akufuna ntchito kkkk

Mesitiri Fole: Ine ndimadya mota zikapsa achimwene, apa ndikudzichotsera ndekha nsima pakamwa

Nelito wa ku Zobwe: Funso langa ndi la kuba. Baraka yanga anaboola khoma kumbuyo chaka chapitachi, anatenga makatoni a mafuta ophikira, shuga, sopo ndi sipika. Ndikanakhala ndi segulo akanandilipira?

Nachisale, Mowatize: Kuboola khoma ndi mtundu umene amalipira, chifukwa pali chizindikiro choti munthu walowa mwa mphamvu. Chimene amafuna ndi pepala la kupolisi, zithunzi za pobowoledwapo musanatseke, ndi umboni woti katunduyo analipodi, ndiye mafatula ogulira ndi kope la sitoko. Apa ndi pamene amalonda ambiri a m'malire amagwera, katundu wogula uku ndi uku wopanda pepala lililonse, ukanena kuti munali makatoni 40 iwo amati tionetseni. Katundu akangosowa chitseko chili chokhoma bwinobwino, kapena wakuba ndi wantchito wanu kapena mlonda, kawirikawiri salipira. Ndalama za m'dilowa nazonso sizilowa pokhapokha zitalembedwa padera.

Chinanso mufunse za zipolowe. Ambiri amene masitolo awo anaphwanyidwa kapena kuotchedwa kumapeto kwa 2024 zisankho zitatha ndi pamene anayamba kufunsa za mzere umenewu. Moto woyatsidwa pa chipolowe suli m'gulu la moto wamba, umafuna kuwonjezera. Chimodzimodzi madzi osefukira ndi mphepo, mukukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 mmene Revubwe anachitira mpaka mlatho kuduka. Amene ali m'mbali mwa mtsinje afunse zimenezo, bambo Ngozo kumtunda kwanuko mwina chofunika ndi mphepo yosasula denga ndi mphenzi.

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Mayi nanga ndikamuuza mnyamata wa segulo uja kuti alembe 325,000 m'malo mwa 650,000 kuti ndizilipira theka? Poti moto sungathe zonse, makoma amatsala

Nachisale, Mowatize: Musayerekeze bambo, msampha waukulu ndi umenewo. Mukalembetsa theka la mtengo weniweni, iwo amatenga kuti theka linalo mwadziikira segulo nokha, ndiye vuto lililonse amalipira theka ngakhale litakhala laling'ono. Tinene kuti moto wawononga denga ndi bokosi la magetsi, zonse 100,000. Inu muganiza kuti 100,000 ili pansi pa 325,000 ndiye alipira yonse. Ayi. Munthu wawo akayeza n'kupeza kuti chigayo ndi cha 650,000, akupatsani 50,000, achotsenso frankiya 10,000, mutsale ndi 40,000. Mukanalembetsa mtengo wonse mukanalandira 90,000. Mwapulumutsa 2,250 pachaka n'kutaya 50,000. Ndipo chaka chilichonse pokonzanso pangano muzionanso mtengowo chifukwa malata ndi simenti zikukwera, 650,000 ya lero si ya zaka zitatu zikubwerazi.

Mufunsenso za chimanga cha makasitomala chimene chimagona m'chigayo. Si chanu, ndiye ngati sichinalembedwe chikapsa mudzalipira eni ake kuchokera m'thumba.

Kondwani wa zigayo ziwiri, Furankungo: Ndipo musasunge ndalama yadzidzidzi ngati matumba a chimanga m'chigayo momwemo monga amachitira ena. Moto umodzi utenga chigayo ndi thumba lomwe

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Nanga matenda abale, palibe wakambapo. Ine chimene chimandiopsa si makina koma ineyo kugona

Nelito wa ku Zobwe: Chipatala cha boma si chodula amayi, kuonana ndi dokotala ndi mankhwala a pawindo ndi timakobidi

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Inu simunadwazikepo eti. Akakutumizani ku chipatala chachikulu ku Tete kuchokera kuno ndi makilomita opitirira 200, wodwazika adye, agone, mankhwala ena akuuzani kuti kagule ku famasi, uku kunyumba makina ali chophimbidwa ndi chitenje mwezi wathunthu makasitomala apita kwina. Ndalama imathera pamenepo osati pawindo

Nachisale, Mowatize: Amayi anena zoona, ndipo n'chifukwa chake pa masamu a bambo Ngozo ndinaika mwezi wathunthu wa chakudya cha pakhomo. Thumba lomwelo limagwira pa matenda. Segulo ya zaumoyo ya makampani ndi yodula kwa anthu ngati ife ndipo zipatala zimene amagwira nazo ntchito zili m'mizinda, kwa munthu wa ku Domwe phindu lake ndi lochepa. Chimene mungafunse ndi INSS, bungwe la boma la penshoni. Munthu wodzilemba yekha ntchito amaloledwa kulembetsa, amasonkha 7 peresenti ya ndalama imene wanena kuti amapeza pamwezi, ndipo mkati mwake muli chithandizo cha nthawi ya matenda, cha maliro ndi penshoni. Koma si ndalama ya lero ayi, pamafunika kuti mukhale mutasonkha kwa nthawi ndithu ndiponso mapepala a chipatala, ndiye ya transipoti ya usiku ikhalebe m'manja mwanu.

Jasinto: Ine ndimasunga makwacha poti ndimadwalira ku Dedza, pafupi kuposa Tete

Kondwani wa zigayo ziwiri, Furankungo: Pang'ono pokha achimwene. Mwaiwala Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Amene anasunga makwacha m'nyumba anadzuka ndalama itachepa ali mtulo. Mota mukakonzetsa ndi metikali ndiye sungani metikali, ya Dedza mudzasintha pa Kalomwe tsiku lomwelo

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Ndiye 60,000 imeneyo ndiziika kuti? Funso la amayi a Tadala lija silinayankhidwe

Nachisale, Mowatize: Ine ndimagawa pawiri. Yochepa, ngati 8,000 kapena 10,000, pa foni koma pa nambala ina imene siili m'foni yoyenda nayo, kaya e-Mola kaya M-Pesa, kakhadi kake kali m'nyumba ndipo PIN mukudziwa inu ndi mayi a kunyumba basi. Imeneyo ndi ya usiku, ya galimoto. Muzikumbuka kuigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo kuti nambala isatsekedwe. Yotsala ku banki ku Ulongwe pa akaunti yosiyana ndi ya malonda, khadi lake osayenda nalo m'thumba. Musaitsekere pa akaunti ya nthawi yoikika yoti simungatape mpaka miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chokopeka ndi chiwongola dzanja. Ndipo mayi a kunyumba akhale ndi njira yotapira, poti tsiku lina wodwalayo mudzakhala inuyo.

Madala Phiri, Tsangano: Kuuza mkazi PIN? Ana inu mwafikapo

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Madala mukadzakomoka mbuzi zanuzo adzagulitse ndani, si agogo omwewo

Jasinto: Abale ndawerenga pepala la shapa lija. Palembedwa za anthu ena okhaokha, galimoto yanga palibepo. Mnyamata amene anandigulitsa ndimufuna

Nelito wa ku Zobwe: Kkkkk tulo tabwino tija tatha

Kondwani wa zigayo ziwiri, Furankungo: AchiNgozo chomaliza kwa ine, mnyamata wa segulo uja musamupatse ndalama m'manja kapena kutumiza pa nambala yake. Mufunse dzina la kampani, mupite nokha ku ofesi yawo ku Tete kapena muyimbe, mulipire pa akaunti ya kampani mutenge lisiti ndi pangano lenilenilo. Mukadutsenso ku kampani ya EMOSE ndi kwina mufunse mtengo wa chinthu chomwecho muyerekeze. Makampani ndi mabuloka ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira za segulo, ndiye ngati akuzemba kutchula amene akumuyimira mudziwiretu

Nachisale, Mowatize: Ndiponso funsani kuti vuto likagwa muyenera kuwadziwitsa pasanathe masiku angati, ndipo munthu wawo amafika ku Domwe patapita nthawi yaitali bwanji. Chifukwa lamulo lawo ndi lakuti musamasule kapena kukonza kanthu iye asanaone. Pa moto kudikirako n'kopiririka poti palibe chimene mungachite. Pa mota mu Ogasiti, sabata iliyonse yodikira ndi malata pafupifupi 500 amene apita kwa mnzanu.

Ngozo wa Chigayo, Domwe: Ndamva abale. Ya moto ndilowa pa mtengo wonse, zimenezo zatha. Ya mashini mtima uli pawiri, zimene anena aKondwani za chaka choyamba zikundivutabe chifukwa katapila uja sindinamalize kubweza. Mnyamatayo abweranso Lachisanu ndimufunsa za mota yakale ndi za magetsi zija, akandionetse polembedwa. Mesitiri Fole ndatsegula bokosi lija, muli kawaya kofiira kodutsa pamwamba pa kachipangizo kena kali ndi batani, sindikudziwa ngati ndi kamene mumanena

Mesitiri Fole: Musakagwire ndi dzanja. Zimitsani pa meni switchi kaye ndiye mujambule pafupi munditumizire ku inibokosi, mujambulenso kachitsulo kolembedwa manambala kali pambali pa mota ndione ma ampeya ake

Mayi a Tadala, telala ku Ulongwe: Mayi Nachisale za INSS zija amalembetsa kuno ku Ulongwe kapena mpaka ku Tete? Ndipo amafuna mapepala anji poti ine ndili ndi chiphaso cha BI chokha